Dzina likang'ambika, paketi imadziwika ndi za kumbuyo

Mumzinda wa Blantyre si nthawi zonse pamene paketi ya chakudya imafika pakhomo ili bwinobwino. Katoni yopikulidwa m'maholoselo a ku Limbe imakwera minibasi kapena kabaza, imanyowa ndi mvula panjira, kenako imakhulika pa shelefu ya okala ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni mpaka utoto wa malemba kuyamba kusuluka. Ikafika kunyumba imadulidwa ndi mpeni pamwamba, pomwe pali dzina, zam'kati n'kukhuthulidwira m'chigubu, ndipo chotsala chimangokhala chibenthu cha pulasitiki. Tsiku lomwe chakudyacho chatha, kapena lomwe chamuyanja mwana, kapenanso lomwe chamutsegula m'mimba, m'pamene chibenthu chija chimafunidwa, ndipo mafunso amakhala awiri: kodi chinali chiyani kwenikweni, nanga ngati sichikupezekanso, cholowa m'malo mwake ndi chiti? Ambiri amayankha mafunso onsewa poyesa kukumbukira dzina ndi mtundu wa paketi. Ine ndikuti njira imeneyi ndi yofooka kuposa zonse. Chakudya cha m'paketi chimadziwika ndi malemba ang'onoang'ono a kumbuyo, makamaka mndandanda wa zosakaniza ndi manambala a zomwe zili m'magalamu 100, ndipo munthu amene watsala ndi theka la malemba amenewo akudziwa zambiri kuposa amene watsala ndi dzina lokha.

Nkhaniyi yakula zaka zino chifukwa katundu wa m'masitolo sakukhazikika. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kwachititsa kuti woitanitsa katundu atenge chomwe chapezeka mwezi umenewo, kaya ndi cha ku South Africa, ku Tanzania, ku Mozambique kapena ku Dubai. Mu Malichi 2025 boma linaletsanso kuitanitsa zakudya zina monga mkaka wamadzi, chiponde, uchi, mpunga ndi ufa wachimanga. Choncho dzina lomwe linadzaza shelefu m'masitolo a ku Chichiri kapena mumsewu wa Haile Selassie chaka chatha likhoza kusowa lero, malo ake n'kutengedwa ndi paketi yachilendo yofanana nayo maonekedwe. Wogula wodalira dzina amasowa pogwira, kapena amangotola yomwe ili pafupi ndi pomwe inkakhala yakale ija.

Chomwe chimatithandiza n'chakuti malemba a pa paketi salembedwa mwachisawawa. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili mu Blantyre momwemuno, lili ndi muyezo wa MS 19 wonena za malemba a zakudya zolongedzeratu, ndipo mfundo zake zimayendera limodzi ndi za Codex Alimentarius, zomwe mayiko ambiri amatsatira. Paketi iyenera kunena dzina lenileni la chakudyacho, osati dzina lamalonda lokha. Iyenera kutchula zosakaniza, kulemera kwa zam'kati, dzina ndi adiresi ya wopanga kapena wolongedza, dziko lomwe chinapangidwira, nambala ya gulu lomwe chinapangidwa nalo limodzi, komanso tsiku. Zinthu zimenezi zimamwazika m'mbali zosiyanasiyana za paketi, ndiye n'kovuta kuti kung'ambika kumodzi kuzichotse zonse. Ndipo pali lamulo limodzi lomwe ndi lamtengo wapatali kwa wofufuza: zosakaniza zimalembedwa kuyambira cholemera kwambiri kutsikira ku chochepa. Mawu awiri kapena atatu oyamba a mndandandawo amakhala atanena kale zambiri za chomwe chadzaza paketiyo.

Palibe pomwe izi zimaonekera bwino kuposa pa ufa woyera womwe anthu amangoutchula kuti mkaka. Pa shelefu imodzi pamakhala zinthu zitatu zosiyana kotheratu, zonse zoyera, zonse zosungunuka m'tiyi, zambiri zili m'mapaketi achikasu, abuluu kapena oyera okhala ndi chithunzi cha kapu. Choyamba ndi mkaka weniweni wa ng'ombe woumitsidwa wosachotsedwa mafuta, womwe anthu anauzolowera pa mayina ngati Anchor, Kerrygold ndi Nido. Chachiwiri ndi mkaka wochotsedwa mafuta ake a ng'ombe n'kuthiridwa mafuta a zomera, kawirikawiri a kanjedza; Cowbell wa kampani ya Promasidor anatchuka m'mayiko ambiri a mu Africa ndi njira imeneyi, yomwe imatsitsa mtengo komanso imathandiza kuti ufawo usachedwe kuwonongeka pa malo otentha. Chachitatu si mkaka n'komwe, koma choyeretsera tiyi ndi khofi, monga Cremora kapena Ellis Brown, chomwe mbali yake yaikulu ndi shuga wa gulukosi woumitsidwa ndi mafuta a zomera, n'kuwonjezerapo pang'ono puloteni wotengedwa mu mkaka. Opanga ake sabisa zimenezi, ndipo amazilemba poyera. Vuto limabwera pamene wogula wayang'ana kumaso kwa paketi kokha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma pano ngakhale nyerere palibe: chakudyacho n'chabwino pa ntchito yake, kungoti si chomwe wogulayo akuganiza.

Manambala a zinthu zitatuzi amatalikirana moti munthu sangasokonezeke akawaona. M'magalamu 100 a mkaka waufa wosachotsedwa mafuta mumakhala mafuta osachepera magalamu 26, malinga ndi muyezo wa Codex, mapuloteni omanga thupi pafupifupi magalamu 25, ndi shuga wachilengedwe wa mu mkaka pafupifupi magalamu 38. Palinso mkaka wochotsedwa mafuta onse osathiridwanso ena, womwe umakhala ndi mafuta osapitirira galamu imodzi ndi theka, ndipo mapuloteni ake amakwera kufika cha m'ma 34 kapena 36. Wothiridwa mafuta a zomera uja umakhala ndi mafuta ochuluka ngati a mkaka weniweni, koma mapuloteni ake amasiyana kwambiri malinga ndi wopanga: ena amayandikira 24, ena amatsika ndithu chifukwa anawonjezeramo zodzazitsa zotsika mtengo. Choyeretsera tiyi chimakhala ndi mapuloteni ochepa zedi, nthawi zambiri magalamu osapitirira atatu. Mzere wa mapuloteni ndiwo umaweruza mlandu wonse, ndipo ukakhala kuti wapulumuka pa chibenthu chija, ntchito yatha theka.

Koma tiyerekeze kuti wang'ambika. Pa chibenthu patsala mawu akuti "per 100 g" pamwamba pa danga, pansi pake mzere wa mafuta ukunena magalamu 34, wa zakudya za m'gulu la shuga ndi sitachi ukunena magalamu 58, ndipo mndandanda wa zosakaniza waduka kumayambiriro, pangotsala mawu akuti "syrup solids" otsatiridwa ndi "vegetable fat". Dzina palibe, mzere wa mapuloteni palibe. Apa masamu a ku pulayimale ndi okwanira. Zonse za mu ufawo ziyenera kukwana m'magalamu 100. Mafuta 34 kuphatikiza 58 zikupereka 92, ndiye patsala magalamu 8 okha oti agawanidwe ndi chinyezi, chomwe mu ufa wotere chimakhala cha m'magalamu atatu, michere ya m'thupi, ndi mapuloteni. Malo a magalamu 25 a mapuloteni palibe, choncho uwu si mkaka waufa mwanjira iliyonse. Mkaka weniweni ukanapereka mafuta cha m'ma 27 ndi shuga 38, zomwe ndi 65, n'kusiya magalamu 35 okwanira mapuloteni 25 kapena 26, michere pafupifupi 6 ndi chinyezi. Mawu otsala pa mndandanda aja akutsimikiza zomwe masamu anena: chomwe chili patsogolo ndi shuga woumitsidwa, chachiwiri ndi mafuta a zomera, ndipo mkaka, ngati ulimo, uli kumbuyo. Tadziwa mtundu wa chakudyacho tisanadziwe dzina lake, ndipo pa zosankha zambiri zapakhomo mtunduwo ndiwo wofunika.

Pali mbuna ziwiri pa masamu amenewa. Yoyamba ndi yakuti mapaketi ambiri amakhala ndi madanga awiri, lina la magalamu 100 ndi lina la mlingo womwe wopanga akuti ndi wa kapu imodzi. Mutu wa danga ukang'ambika, munthu akhoza kuwerenga mapuloteni okwana magalamu 6 kapena 7 n'kuganiza kuti wagula chabechabe, chonsecho manambalawo ndi a masupuni ochepa a mkaka wabwinobwino, olemera magalamu 25. Njira yodziwira ndi yomweyo ya kuwonkhetsa: manambala a danga la magalamu 100 akaphatikizidwa amayandikira 90 kapena kupitirira pa chakudya chouma, pomwe a kapu imodzi amathera pa 20 kapena 30. Mbuna yachiwiri ndi nambala ya mphamvu, yomwe imalembedwa pamwamba penipeni ndipo imakopa maso chifukwa cha kukula kwake. Galamu ya mafuta imapereka makilojulu 37, ya puloteni 17, ya shuga 17. Mkaka weniweni umathera cha m'ma 2,050 pa magalamu 100, pomwe choyeretsera tiyi cha m'chitsanzo chathu chimapitirira 2,200. Wodalira nambala imeneyi angaganize kuti chachiwiricho n'chopatsa thanzi kwambiri, pomwe mphamvu zakezo ndi za shuga ndi mafuta basi.

Wofuna dzina lenileni, osati mtundu wokha, amathandizidwa ndi bakhodi, timizere takuda tija tomwe amawerengetsa pa tilu. Pansi pa timizereto pamakhala manambala 13, ndipo chinthu chilichonse, pa kukula kwake kulikonse, chimakhala ndi nambala yakeyake. Manambala atatu oyamba amasonyeza ofesi ya bungwe la GS1 yomwe inapereka nambalayo: 600 ndi 601 ndi South Africa, 616 ndi Kenya, 620 ndi Tanzania, 629 ndi United Arab Emirates, 890 ndi India, 690 mpaka 699 ndi China. Anthu ambiri amalakwitsa poganiza kuti apa m'pomwe pamanenedwa dziko lomwe chakudyacho chinapangidwira. Ayi, pamangonenedwa komwe kampaniyo inalembetsa, ndipo makampani ambiri a m'mayiko oyandikana ndi South Africa amatenga manambala awo kumeneko, kotero 600 sikutsimikiza kuti katunduyo anawoloka Limpopo. Otsatira pamenepo ndi manambala a kampani, ndiye mapaketi awiri oyamba ndi manambala asanu ndi awiri ofanana kawirikawiri amakhala a mwini mmodzi. Chibenthu chokhala ndi theka loyamba la bakhodi chikhoza kuyerekezedwa ndi mapaketi a pa shelefu mpaka mwini wake atapezeka. Nambala yomalizira ndi yotsimikizira zinazo. Mumawonkhetsa manambala a pamalo oyamba, achitatu, achisanu mpaka a 11. Kenako mumawonkhetsa a pamalo achiwiri, achinayi mpaka a 12 n'kuchulukitsa katatu. Nambala yomalizira ndi yomwe ikusowa kuti zonse pamodzi zikwane khumi lotsatira, ndipo ngati zathera kale pa khumi, yomalizirayo ndi 0. Pa nambala yongoyerekeza ya 600123456789, gulu loyamba likupereka 26, lachiwiri 25 katatu ndi 75, zonse 101, choncho yomalizira ndi 9. Phindu lake n'lakuti nambala imodzi ikafufutika paliponse, ndi imodzi yokha mwa khumi yomwe ingakwane pamalopo. Zikafufutika ziwiri, njirayi siithandizanso mokwanira.

Zizindikiro zina ndi zongothandizira, ndipo sizifuna nthawi yambiri. Chidutswa cha adiresi chotchula Limbe, Ginnery Corner, Makata kapena Chirimba chikusonyeza kuti chakudyacho chinapangidwa kapena kulongedzedwa konkuno, komwe kuli makampani ngati Rab Processors, Universal Industries, Bakhresa ndi Capital Oil Refining Industries, ndipo mtundu wa chakudyacho ukadziwika, eni ake otheka amatsala ochepa. Mawu a Chipwitikizi monga "leite em pó", "lote" kapena "validade" amasonyeza katundu wokonzedwera msika ngati wa ku Mozambique, yemwe amalowa kudzera ku Mwanza kapena ku Muloza. Chizindikiro cha MBS, komanso chosonyeza kuti chakudyacho chinawonjezeredwa michere, monga pa shuga wokhala ndi vitamini A yemwe Illovo inayamba kupanga mu 2012, zimasonyeza kuti paketiyo inakonzedwera msika wa m'dziko muno. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chimatsimikiza pachokha. Zimangochepetsa chiwerengero cha zomwe mukuzikayikira.

Tsopano funso lachiwiri, la cholowa m'malo. Chofanana ndi paketi yanu si chomwe chili nayo pa shelefu imodzi, kapena chofanana nayo mtengo, koma chomwe zosakaniza zake ziwiri kapena zitatu zoyamba ndi zomwezo, m'dongosolo lomwelo, ndipo manambala ake a magalamu 100 akuyandikira. Zikapezeka zingapo zotere m'pamene mtengo umalowapo, ndipo uyenera kuwerengedwa pa chinthu chomwe mukugulira chakudyacho, osati pa paketi. Tiyerekeze mitengo iyi, yomwe ndi yongopeka kuti masamu aoneke. Paketi ya magalamu 400 ya mkaka weniweni, wa mapuloteni 25 pa 100, ili pa K20,000: muli mapuloteni okwana magalamu 100, ndiye galamu iliyonse ndi K200. Paketi ina ya magalamu 400 yothiridwa mafuta a zomera, ya mapuloteni 16 pa 100, ili pa K14,000: muli magalamu 64, galamu iliyonse pafupifupi K219. Paketi yaikulu ya choyeretsera tiyi, magalamu 750 pa K15,000, ya mapuloteni awiri pa 100: muli magalamu 15 okha, galamu iliyonse K1,000. Yooneka yodula ija ndiyo yotchipa kwa mayi wogulira mwana wa sukulu mkaka wothira m'phala, ndipo yaikulu yooneka yopulumutsa ija ndi yodula kasanu. Mitengo yeniyeni idzasintha mawa, ndipo tsiku lina wothiridwa mafuta a zomera wa mapuloteni 24 akhoza kupambana onse, koma kawerengedwe kake sikasintha.

Apa wina angati: nanga ngati ndimangofuna kuyeretsa tiyi, mapuloteni ndi a chiyani? Ameneyo akunena zoona, ndipo zikutikumbutsa kuti kufanana kumadalira ntchito. Mayi wogulitsa tiyi m'mawa pa depoti ya ku Limbe kapena ku Wenela akufuna choyeretsa bwino, chosaundana m'madzi otentha, chotsika mtengo pa kapu. Kwa iye choyeretsera china chilichonse chokhala ndi zosakaniza zomwezo ndi cholowa m'malo chabwino, ndipo mkaka weniweni ungangomudyera phindu. Cholakwika n'kuwoloka malire a mitundu itatu ija osadziwa. Dzina silingakutetezeni pamenepa, chifukwa dzina limodzi limavala zinthu zingapo: pansi pa Nido pali mkaka waufa wamba komanso mitundu yokonzedwera ana a misinkhu yosiyanasiyana, yokhala ndi zosakaniza zina. Njira yomweyi imagwira pa zakudya zinanso. Chiponde chomwe mndandanda wake ndi mtedza ndi mchere basi sichifanana ndi chothiridwa shuga ndi mafuta olimbitsa, ngakhale zitini zitafanana. Juwisi wa zipatso zokhazokha ndi wosiyana ndi chakumwa chomwe choyamba pa mndandanda wake ndi madzi, chachiwiri shuga. Ufa wa phala ngati Likuni Phala, wosakaniza chimanga ndi soya, umadziwika ndi mapuloteni okwera kuposa a ufa wachimanga chokha, ndipo paketi ina ikamadzitcha phala la ana koma manambala ake ali ngati a mgaiwa, soya wake ndi wochepa.

Chotsutsa chachikulu n'chakuti zonsezi n'kudzivutitsa: bwanji osangotenga chibenthucho n'kukafunsa mwini okala, kapena kuchijambula pa foni n'kufufuza? Zonse ziwiri ndi zothandiza, ndipo wa pa tilu m'sitolo yaikulu akhoza kulemba manambala 13 aja pa makina ake, dzina n'kutulukira pomwepo ngati sitoloyo imagulitsa katunduyo. Mwini holoselo wa ku Limbe amene wakhala zaka akutsegula makatoni amazindikira paketi ndi kona yake yokha. Koma wogulitsa amayankha bwino funso loyamba, la dzina. Pa funso lachiwiri amakulozerani zomwe ali nazo tsiku limenelo, ndipo mawu akuti "ndi chimodzimodzi, amayi" satanthauza kuti wawerenga kumbuyo. Sikuti akunama dala. Naye amaweruza ndi maonekedwe ndi zomwe makasitomala ena akutenga. Foni nayo imadalira nkhokwe za pa intaneti zomwe zinadzaza ndi katundu wa ku Ulaya ndi ku South Africa, pomwe zinthu zambiri zopangidwa ku Makata kapena kulongedzedwa ku Limbe mulibemo, ndipo chithunzi cha chibenthu chachikasu chimabweretsa mapaketi achikasu a padziko lonse. Kuopsa kodalira chithunzi kunaoneka ku Laos, komwe kafukufuku wofalitsidwa mu BMJ mu 2008 anapeza kuti makolo ambiri ankatenga choyeretsera khofi cha Bear Brand ngati mkaka wa makanda, chifukwa pa chitini panali chimbalangondo chitafukata mwana wake ngati chikumuyamwitsa, ngakhale panalembedwa chenjezo lakuti si cholowa m'malo mwa mkaka wa m'mawere.

Chotsutsa china n'cholemera kuposa apa: malemba akhoza kunama. Ku China mu 2008 anthu ankathira mankhwala a melamini mu mkaka wosungunulidwa ndi madzi kuti poyeza uoneke ngati uli ndi mapuloteni okwanira. Ana pafupifupi 300,000 anadwala ndipo ena anamwalira. Pamenepo nambala ya mapuloteni inali yokongola pa paketi koma yabodza m'kati. Palinso katundu wonamizira dzina la wina, ndi wosinthidwa tsiku. Zoona, kuwerenga paketi sikulowa m'malo mwa kuyeza kwa akatswiri, ndipo ntchito imeneyo ndi ya MBS, pomwe madandaulo a wogula amapita ku Competition and Fair Trading Commission kapena ku bungwe la ogula la Consumers Association of Malawi. Koma kutsutsa kumeneku sikukupulumutsa dzina, chifukwa dzina ndi chithunzi ndizo wakuba amayamba kukopera ndipo amazikopera bwino. Malemba a kumbuyo ndiwo amamugwiritsa: manambala omwe akawonkhetsedwa akupitirira 100, mphamvu zosagwirizana ndi mafuta ndi shuga zomwe zalembedwa, bakhodi yomwe nambala yake yomalizira sikukwana, adiresi yopanda mzinda, kapena kapepala ka tsiku komatidwa pamwamba pa tsiku lina. Kumbuyo kwa paketi kuli mbali zingapo zomwe ziyenera kugwirizana, ndipo zikasemphana munthu amaona. Kumaso kulibe choti n'kuyerekeza nacho.

Chotsutsa chomwe ndilibe nacho yankho lokwanira n'chakuti malembawa ndi a Chingerezi, ang'onoang'ono, ndipo anthu ambiri a ku Mbayani kapena ku Chilobwe sagula paketi n'komwe. Amagula timapepala ta ufa woyera tomangidwa ndi mwini okala, toyezedwa ndi supuni kuchokera m'thumba lalikulu, topanda chilembo ngakhale chimodzi. Apo palibe choti n'kuwerenga, ndipo chomwe wogula angachite n'kupempha kuona thumba lomwe ufawo wachokera. Wogulitsa wosabisa kanthu amalitulutsa. Pa nkhani ya chilankhulo, mawu ofunika kuwadziwa pa ufa woyerawu ndi ochepa: "full cream milk powder" kwa mkaka weniweni, "vegetable fat" kwa mafuta a zomera, "glucose syrup" ndi "creamer" kwa choyeretsera tiyi, ndi mzere wa "protein". Mwana wa sitandade 7 angawerengere agogo ake zimenezi. Komabe n'zosamveka kuti makampani opangira zakudya mu Blantyre, omwe amatsatsa malonda awo pa wailesi m'Chichewa chomveka bwino, amalephera kupeza malo a mizere itatu ya Chichewa kumbuyo kwa paketi yonena chomwe chili m'katimo ndi amene sayenera kudya. Mtolo umenewu suyenera kusenzedwa ndi wogula yekha.

Pomaliza pali malire omwe luso lonseli silingadumphe. Kudziwa kuti paketi ndi ya chiyani sikutanthauza kuti zam'kati n'zoyenera kudya. Tsiku ndi nambala ya gulu sizisindikizidwa limodzi ndi malemba ena. Zimadindidwa ndi inki pomwe paketi ikutsekedwa, kawirikawiri pa mphepete, pomwe mpeni umadutsa, ndipo palibe masamu omwe angazibweze. Tsiku lolembedwa kuti "best before" limanena za ubwino wa chakudya, ndipo mabisiketi kapena mpunga zikapitirira pang'ono sizisanduka poizoni. La "use by" kapena "expiry" limanena za chitetezo, ndipo silinyengereredwa. Nambala ya gulu imagwira ntchito pamene katundu akubwezedwa: mu 2021 juwisi wa maapozi wa Ceres atapezeka ndi poizoni wa nkhungu wotchedwa patulini, chenjezo lomwe linafalitsidwa ndi bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe, linkatchula mabakhodi ndi masiku opangira, osati juwisi yense wa dzinalo, ndipo wokhala ndi paketi yopanda tsiku sakanadziwa mbali yomwe ali. N'chifukwa chake paketi yong'ambika malemba pa shelefu ya sitolo si yoyenera kugula, ngakhale itatsitsidwa mtengo, ndipo yobooka mpaka m'kati ndiye n'kutaya. Kunyumba, podula paketi dulani mbali yopanda tsiku, ndipo mukakhuthulira m'chigubu sungani chidutswa chokhala ndi tsiku, bakhodi ndi zosakaniza mpaka chakudyacho chithe. Koma pa mkaka wa makanda, komanso pa chakudya cha munthu amene thupi lake limadana ndi mtedza, soya kapena mkaka, musayerekeze kanthu: mkaka wa khanda uli ndi msinkhu wake ndi mlingo wake wa madzi zomwe zimasiyana pa chitini chilichonse, ndipo palibe mwa mitundu itatu ya ufa woyera ija womwe ndi chakudya cha mwana wosakwana chaka. Malemba amenewo akang'ambika musamupatse mwana. Pitani nacho chitinicho kusikelo akakuuzeni chochita.